Nkhope ya Pakhoma la Chigayo

Ine ndimagulitsa makapulana, ndipo pa ntchito imeneyi dzuwa ndimadana nalo kuposa mbala. Pamalo pathu, m'mbali mwa msewu wochoka ku Ulongwe kupita ku Domwe, nsalu timazipachika pachingwe kuti wodutsa pa shapa, minibasi zathu zija, aziona akadali patali. Ikatha chilimwe chonse ili pamenepo osagulidwa, umakaitsitsa ili nsalu ina: maluwa ofiira atatuwa, chikasu chitathawa, azuli yekha, uja anzathu a ku Dedza amati buluu, akadali momwemo ngati palibe chachitika. Nsalu yotero palibe angaigule. Ndimangoivala ndekha, uku ndikutukwana.

Amuna anga adali mmisiri wa utoto, uja kuno timati tinta. Makoma a masitolo, mitu ya pa nyumba zometera, mayina a pa malole a mbatata, zambiri za m'dera lathu zidatuluka m'dzanja lawo lamanja. Ntchitoyi adaiphunzira ku Tete, kwa mkulu wina wopaka magalimoto, ndipo adabwerako ndi chizolowezi chimodzi chotopetsa: ukawafunsa funso, amayankha lonse, mpaka ndiwo zipserere. Kunama sadziwa, ngakhale bodza laling'ono lija lopulumutsa munthu. Ndidawakondera zomwezo, ndipo zomwezo ndizo zimandipsetsa mtima mpaka lero.

Tsiku lina nditabwera ndi kapulana yosuluka, ndidaiponya pamiyendo pawo akutsuka mapinseli awo opakira utoto.

"Inu a tinta, tandiuzeni. Dzuwa lidalakwirana chiyani ndi kufiira? Bwanji osadya azuliyu?"

Adapukuta manja, nkhope ikuwala ngati ndawapatsa nyama.

"Amake mwana, kuwala kwa dzuwa mukukuona koyeraku, muli mitundu yonse ija ya mu utawaleza. Koma mphamvu zake n'zosiyana. Mbali ya kufiira njofatsa. Mbali ya azuli njaukali, ndipo kupitirira pamenepo kuli kuwala kwina kosaoneka ndi maso, kuja kumawaula khungu. Kumeneko ndiye koopsa zedi."

"Ndiye?"

"Ndiye nsalu ikamaoneka yofiira, ndiye kuti ikubweza kufiirako m'maso mwanu, n'kumeza kuwala kwaukali kuja. Chikasu chimodzimodzi. Zikumeza moto tsiku ndi tsiku, ndipo motowo umaphwanya tizigawo ta utoto mpaka mtundu kutha. Azuli amabweza kuwala kwaukali kooneka kuja, n'kumeza kofatsa. Komanso mankhwala ambiri opangira azuli ngolimba kale pachibadwa chawo. Kosaoneka kuja kumamudya nayenso, koma mochedwa."

Ndidaganiza kuti ndawagwira. "Nanga katondo? Nanga njerwa? Si zofiira zimenezo? Chikhalireni padzuwa, zidasuluka liti?"

"Funso labwino," adatero, ine n'kudziwiratu kuti ndiwo zapita. "Kufiira kwa katondo ndi dzimbiri la chitsulo. Lidapsa kale, dzuwa lilibe choti liphwanyepo. Koma nkofiira kozizira, kwa dothi. Kufiira kowala kuja anthu amakonda, kwa m'timabotolo ta korante wosakanizira utoto ndi kwa nsalu zanuzi, kwambiri mwa iko nkosalimba. Ndipo kuno tili pamwamba, kufupi ndi mitambo. Mphepo imazizira, koma dzuwa limaluma kuposa mmene thupi limamvera."

Ndidawauza kuti nzeru zonsezo sizindibwezera kapulana yanga. Adaseka, ine n'kupita kukapulumutsa mphika.

Chaka chomwecho mwini chigayo cha pamsika pathu adawaitana. Adali mdala wonenepa, wa mawu aakulu, woti akaseka nkhuku zimathawa. Ankakana kujambulidwa ndi foni, ati imamuchepetsa. Iye ankafuna nkhope yake pakhoma lonse la chigayo loyang'ana kumsewu, kumadzulo, atavala kazako, jekete lake lija la azuli, chipewa kumutu, zitsononkho za chimanga chachikasu zitamuzungulira. Amuna anga adakhala naye masiku angapo, mdala atakhala pampando, iwo akumuyang'ana n'kumajambula.

Madzulo ena adabwera atakhumudwa. Ati khungu la munthu adafuna kulisakaniza ndi ufa wofiira uja timathira pansi pa simenti, pamodzi ndi wachikasu wake, chifukwa zimenezo n'zadothi, sizisuluka. Atayesa patsaya limodzi, mdala adakana. Ati, mwandisandutsa chidole chadongo, ine ndikufuna kuwala ngati munthu wodya bwino. Ndiye amuna anga adasakaniza za m'timabotolo: kufiira kowala, chikasu chowala, kadontho ka azuli ndi kakuda kuti khungu lide bwino.

"Mwawauza kuti zisuluka?" ndidafunsa.

"Ndawauza. Ndati khoma lakumadzuloli lidzadya kufiira ndi chikasu, pankhope padzatsala azuli ndi kutuwa. Akuti zikadzatero ndidzapakenso, iwo safuna kuoneka wakufa akadali moyo."

Padalibe wina adamva mawu amenewo. Injini inkalira, ndipo adali awiriwiri.

Chithunzi chidatuluka bwino, ndisaname. Anthu a pa shapa ankasuzumira pazenera, ana ankachipatsa moni. Mdala ankaima pansi pake, manja m'chiuno, kuti anthu afananize. Mvula idabwera n'kupita, chilimwe chidadutsa, china n'kubweranso. Chimanga chija chidayamba kuyera. Kenaka masaya adayamba kutuwa, milomo n'kuchita bii, mpaka nkhope yonse idasanduka ya phulusa losakanikira azuli, kazako yekha ali chiwalire. Aliyense amene adasambitsapo maliro ankadziwa chimene nkhope ija inkafanana nacho, koma palibe ankanena mokweza. Amuna anga adapitako kukakumbutsa zopakanso, mdala ali ku Tete kukagula zitsulo za injini. Adati adzapitanso.

Amuna anga asadapitenso, mdala adagwa pafupi ndi sikelo. Mbali yakumanja idafa, pakamwa padapotoka, mawu aakulu aja adatheratu. Kuchipatala adati ndi mtsempha wa m'mutu. Ana ake awiri aamuna sadakhutire, adapita kukaombeza, ndipo kumeneko adauzidwa chimene msika wonse unkanong'ona kale: bambo wanu adamupachika pakhoma, akumuyamwa magazi pang'onopang'ono, taonani nkhope.

Lidali tsiku la msika, masana, dzuwa la mwezi wa khumi lili pamutu. Mayi wogulitsa tomato adafika pamalo panga akuthamanga, mpango uli m'manja.

"Siyani nsaluzo! Akupha amuna anu kuchigayo!"

Ndidazula mtengo wochirikiza chingwe, nsalu zonse n'kugwera m'fumbi, osacheukanso.

Nditafika ndidapeza anthu atazungulira ngati pali gule. Ndidadzipanikiza ndi zigongono mpaka kutsogolo. Amuna anga adali pansi, malaya atang'ambika, ufa ndi magazi zitasakanikirana kumaso. Mwana wamkulu wa mdala adali ndi chidutswa cha lamba wa injini, ndipo ankachitsitsa pamsana pawo ndi manja awiri, phwaa, phwaa. Wamng'ono ankawaponda m'nthiti ndi nsapato za jombo. Anyamata amenewa adakula akuwatchula amuna anga kuti ameshitiri, dzina laulemu la mmisiri wamkulu, akuwalandira chitini ndi manja awiri. Tsiku limenelo ankati iwe.

"Iwe, wawachita chiyani bambo?"

"Palibe, achimwene. Ndi dzuwa."

Phwaa.

Pakhonde la chigayo adali atamukhazika mdala pampando, atamufunditsa bulangete ngakhale kunkatentha, kuti aone yekha mfiti yake ikuulula. Mkazi wake adaima pambuyo pake, atagwira pakamwa.

Sindidaganize. Ndidamukhoma wamng'ono uja ndi mtengo pakhosi, chakumbuyo, iye n'kugwada. Atatembenuka adandimenya mbama yoti khutu langa lamanzere limalirabe kukazizira. Ndidamugwira dzanja lomwelo n'kuliluma mpaka ndidamva mchere. Adakuwa, adandikankhira kukhoma, mutu wanga n'kugunda pansi penipeni pa kazako wa bambo wake. Anthu adaseka, ena adaimba mluzu. Mwa oseka aja mudali amayi amene ndidawavekapo pa maukwati a ana awo, ndipo ndimawadziwa onse.

Wamkulu adaleka kumenya, akupuma wefuwefu. Adawakoka amuna anga ndi kolala n'kuwayang'anitsa kukhoma.

"Dzuwa, eti? Dzuwa limawala khoma lonse. Bwanji lasankha nkhope n'kusiya kazako? Yankha!"

Ndidadziwa kuti ayankha, ndipo ayambira ku utawaleza. Adalavula magazi, adakweza chala chawo chija cha kuphunzitsa.

"M'khungu la munthu muli kufiira ndi chikasu. Mitundu imeneyo imameza kuwala kwaukali, ndiye imafa msanga. Azuli amakubweza, komanso ngolimba. Pankhopepo ndidathirapo azuli pang'ono, ndiye watsalayo."

"Akutiphunzitsa shikola!" adakuwa wina m'gulu. Lamba adatsikanso, ulendo uno kumaso, chikope n'kung'ambika.

Pamenepo ndidadzuka. Ndidamasula kapulana imene ndidavala, pamaso pa amuna onsewo, n'kutsala ndi siketi yamkati. Phokoso lidazima, chifukwa mayi wa msinkhu wanga savula nsalu pagulu pokhapokha zitafika poipa. Idali kapulana yosuluka ija, imene ndidaiponya pamiyendo ya amuna anga. Ndidaluma mpendero n'kuung'amba, n'kuutambasula pamaso pa mwana wamkulu.

"Taona! Kunja kuno maluwa atuwa, azuli alipo. M'kati mwa mpendero, mmene dzuwa silifika, taona kufiira kwake. Nanenso adandilodza? Amuna anga akuyamwa magazi a kapulana?"

Ndidathamangira pa mgolo wa dizilo umene udakhala nthawi yaitali utatsamira khoma, ndidaukankha ndi phazi mpaka udagubuduka. Kuseri kwake kudali chitsononkho chimodzi chachikasu chowala ngati chapakidwa dzulo, pamene zinzake zonse zidali mbuu.

"Nanga ichi? Mfiti idachiiwala? Kwezani maso, muone pansi pa malata, pamene pamakhala mthunzi. Lamba wa chipewa akadali wofiira!"

Anthu adakweza maso. Ndidamva gulu likutembenuka, monga mmene umamvera mphepo ikasintha. Mnyamata wa kabaza adati n'zoona, njinga yake idali yofiira, pano ili ngati nyama yowiritsa. Mayi wina adaloza ambulera ya wogulitsa kerejitu wa foni. Mkulu wina adati kalendala ya m'sitolo mwake, ya pafupi ndi zenera, anthu onse adasanduka a azuli. Wina adafunsa amuna anga, mwaulemu ndithu, kuti nanga chitseko chake chobiriwira chidasandukiranji azuli, iwo ali chigonere m'fumbi adayankha kuti kubiriwira ndi chikasu chosakaniza ndi azuli, chikasu chikafa mukudziwa chotsala. Lamba adali atalendewera m'dzanja la mwana wamkulu. Ndidati m'mtima, tapulumuka.

Mwana wamkulu adanjuta pafupi nawo. Mawu ake adatsika, ndipo adabwerera ku ulemu.

"Ameshitiri, ndiye kuti inu zimenezi mumazidziwa bwino."

"Ndimazidziwa."

"Tsiku munkapaka lija, munkadziwa kuti nkhope ya bambo idzasanduka ya maliro, anthu akuona, ana akuloza?"

Ndidawayang'ana ndi maso onse amene ndili nawo. Akadangoti tinta adandinyenga, akadangoti sindidayembekeze. Aliyense pamsika paja akadanena zimenezo, ngakhale abusa.

"Ndinkadziwa," adatero. "Ndidawauza bambo anu, iwo adasankha okha. Afunseni."

Anthu onse adatembenukira kukhonde. Mdala adali maso ali tong'o. Mlomo wake wopotoka udagwedezeka, dovu lidatsikira pabulangete, ndipo kukhosi kudatuluka kaphokoso ngati ka mwana wa mbuzi. Adakweza dzanja lake lamoyo n'kumenya mkono wa mpando, kamodzi, kawiri, misozi ikutsika mbali imodzi. Ine ndidamva kuti akuti musiyeni, akunena zoona. Ndikhulupirira zimenezo mpaka ndidzafe. Ana ake adamva zina.

"Ukuwauza ayankhe, iwe utawatseka pakamwa?" adatero wamng'ono, magazi akudontha padzanja pamene ndidamuluma.

Adalowa m'chigayo n'kutuluka ndi manivela, chitsulo chokhota chija amapukusira injini poiliza. Ndidamulumphira, koma amuna awiri adandigwira mikono, ati tikukutetezani mayi. Wamkulu adaponda mkono wa amuna anga pa mwala wa pakhomo, chikhatho chili chotambasuka. Sindikudziwa ngati ankafuna kungowaopseza. Wamng'ono sadafunse. Adatsitsa chitsulo padzanja lamanja, adakwezanso n'kutsitsanso, ndipo phokoso lake lidali ngati munthu akuthyola mapesi ouma. Amuna anga sadakuwe msanga. Adayamba aliyang'ana dzanjalo ngati la munthu wina, kenaka ndiye adalira kulira kumene sindidakumvepo kwa mwamuna.

Gulu lidabalalika nthawi yomweyo, aliyense kukumbukira malonda ake. Amene adandigwira aja adandisiya. Ndidakulunga dzanja lija m'kapulana yosuluka, ndipo maluwa ake adafiiranso onse. Mnyamata wa kabaza uja ndiye adatithandiza kuimitsa shapa ya ku Ulongwe.

Madokotala adayesetsa, dzanja sadalidule. Koma zala zitatu zidapola zitapindikira m'kati, ndipo chachikulu sichikumana ndi chinzake. Wamng'ono uja adawoloka malire pa Kalomwe tsiku lomwelo, sitidamuonenso. Mlandu udayenda mmene milandu imayendera, akuluakulu a mbali zonse adakhala pansi, ndipo kwathu kudabwera mbuzi yachipepeso. Mbuzi sigwira pinseli. Amuna anga adayesa kumanzere miyezi yambiri, zilembo zikutuluka ngati za mwana wa kalasi yoyamba, mpaka tsiku lina adatsuka mapinseli onse bwinobwino n'kuwapatsa mphwawo. Pano amandithandiza pamsika. Amatembenuza nsalu pachingwe kuti dzuwa lisadye mbali imodzi, ndipo zofiira amaziika kumthunzi.

Ndidawafunsapo kamodzi, ndili ndi ukali, kuti chidawavuta n'chiyani kunama tsiku limodzi lokha. Adati funso lidali lomveka, ndipo yankho adali nalo. Ndidatuluka panja kuti ndingawamenye ndi chipande.

Mdala adamwalira mvula ili pakati, osalankhulanso. Ife kumaliro sitidapite. Chimanga chitacha, m'mawa wina ndikusesa, ndidaona mwana wamkulu uja ataima pachipata, chipewa chili m'manja, pambali pake chitini cha utoto ndi timapaketi ta ufa wofiira ndi wachikasu, wa pansi pa simenti uja. Adali ataonda. Ndidagwira tsache ngati mpini.

"Odi, amayi. Ameshitiri alipo?"

"Wabwera kudzamaliza lamanzere?"

Amuna anga adatuluka okha, n'kumupatsa mpando, ine ndikutukutira. Mnyamatayo adalankhula akuyang'ana pansi. Adati chithunzi cha bambo chimene ali nacho ndi ka pa bilyeti kokha, chiphaso cha boma chija, ka ali mnyamata wopanda ndevu. Adati amayi ake amapita kukhoma lija m'mawa uliwonse, koma maso a bambo sakuonekanso bwino. Adaitana wojambula wina wa ku Ulongwe, koma iye adati sangabweze nkhope ya munthu amene sadamuonepo. Adati wamva kuti ufa uwu susuluka.

"Susuluka," adatero amuna anga. "Mwagula woyenera."

"Ndiye mwina mukadabwera, ameshitiri. Ndinu nokha mudawayang'ana masiku onse aja."

Amuna anga adatulutsa dzanja lamanja m'thumba n'kuliika pabondo, poyera. Mnyamatayo adaliyang'ana nthawi yaitali. Ndinkafuna alire, ndinkafuna agwe pansi, koma adangomeza malovu.

"Nanga nkhopeyo," adafunsa motsitsa, "itsala mpaka liti?"

Ndidaganiza kuti mwina lero akhala chete. Koma lidali funso, ndipo adaliyankha lonse, mofatsa, ngati akuyankha mwana wawo.

"Kufiira kudapita kale, chikasu chimodzimodzi. Tsopano kwatsala kakuda ka m'maso ndi m'ndevu, koma ndidakapaka mopyapyala, mvula ndi fumbi zikukapala. Chilimwe chikubwerachi mudzaonabe kuti padali munthu. Chinacho, sindikulonjeza. Auzeni amayi aziyang'ana pano pakadali poyang'ana."

"Palibe chidzatsale?"

"Kazako adzatsala nthawi yaitali."

Adanyamuka osatsanzika bwino, chitini n'kuchiiwala pachipata. Ndidamuthamangira nacho mpaka kumsewu n'kumuponyera kumapazi, chifukwa sindinkafuna kanthu kake pakhomo panga.

Chigayo chikugayabe, ndipo ndimadutsapo ndikamapita kukaoda nsalu. Pakhoma paja pali kazako wa azuli, mabatani ake onse, mapewa ali chitambasukire, ndipo pamwamba pa kolala pali khoma lotuwa. Mayi wamasiye uja ndimamupeza ataima pamenepo ndi thumba lake la mgaiwa, akuyang'ana m'mwamba. Sitipatsana moni.